Akakuthokozani Kapena Kukuyamikirani, Muziyankha Bwanji?

Atsikana amene timawalangiza asanalowe m'banja, anyamata a kwaya, ngakhalenso amayi anzanga a ku banki mkhonde kuno ku Nkhotakota, onse amandifunsa funso limodzi: "Amayi, munthu akandithokoza kwambiri ndimasowa chonena. Ndikangoti zikomo ndimaona ngati ndikudzikweza. Ndikati palibe kanthu, mnzanga amachoka nkhope itagwa. Nanga ndizitani?" Ndayankha funso limeneli pamkeka, panjira ya kuchigayo ndiponso pafoni. Lero ndati ndilembe, kuti aliyense wofuna aziwerenga yekha.

Sindikunena za zikomo wa tsiku ndi tsiku, monga wa munthu amene mwamupatukira panjira kapena mwamupatsira mchere. Ameneyo mumangobweza zikomo, nkhani yatha. Ndikunena za kuthokoza kolemera, kumene munthu wakunyamukira kwawo, kapena kuyamikira kwa pagulu pamene maso onse ali pa inu. Pamenepo ambirife timathawira ku mawu okana, poganiza kuti ndiko kudzichepetsa. Koma mukauza munthu kuti "palibe chimene ndinachita", chimene mwachepetsa si inu ayi. Mwachepetsa vuto limene linamusowetsa tulo, ndiponso ulendo umene wayenda kudzakuthokozani.

Kuti zimveke, tiyende ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti mumakhala pafupi ndi chipatala pa boma. Mwana wa achibale anu a ku Mwansambo anagonekedwa masabata atatu, mayi ake ali omudikirira. Inu munkapititsa phala m'mawa ndi nsima madzulo, munawapatsa nkhuni, sopo ndi ndowa yochapira. Mwana anachira, iwo n'kubwerera kumudzi. Tsopano ndi mu June, akolola, ndipo tsiku lina mukuona bambo ndi mayi a mwana uja atulukira pakhomo panu ndi kathumba ka mtedza ndi tambala womanga miyendo.

1. Siyani zimene mukugwira, muwalole amalize

Ngati mumatsuka mbale, sambani m'manja. Yalani mkeka, tulutsani mpando wa bambo, khalani pansi, lonjeranani bwinobwino. Munthu wobwera kudzathokoza sayamba ndi nkhaniyo. Amadikira malonje athe, ndiko kuti kufunsana za moyo, za kumudzi ndi za ulendo. Mukawalandira chiimirire, mthiko uli m'manja, mwawayankha kale musanatsegule pakamwa kuti zimene abwerera n'zosafunika.

Akayamba kulankhula, musawadule. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Bambo angoti, "Achemwali, ife tabwera chifukwa cha zija munatichitira," inu mwalumphira kale: "Aaa, achimwene, zisiyeni zimenezo!" Mawu amenewo anawakonza ali kunyumba, mwina anakambirana ndi akazi awo usiku kuti ayambira pati. Alekeni atchule zonse, phala, nkhuni, sopo, ngakhale zikukuchititsani manyazi kumva. Inu muzingovomera pang'onopang'ono, "eya", "zikomo", manja ali pamodzi. Mudziwa kuti amaliza akawomba m'manja kapena akatembenukira kwa akazi awo. Nthawi zambiri mayi nawo amakhala ndi mawu awo, ndiye musafulumire.

2. Mawu oyamba akhale olandira

Musanafotokoze chilichonse, musanatchule wina aliyense, landirani. Mawu ake ndi afupi: "Zikomo kwambiri, ndamva ndipo ndalandira." Kapena: "Zikomo, mwachita bwino kubwera." Mukhozanso kunena kuti, "Mawu anu andilimbikitsa." Palibe kudzitama m'mawu amenewa. Simunanene kuti ndinu munthu wabwino, mwangonena kuti mawu awo afika.

Thupi nalo limalankhula. Kwa akuluakulu, apongozi kapena amfumu, wombani m'manja mofatsa zikhatho zili zopindika, kuwomba kwa ulemu kuja kosasokosa. Mayi apinde maondo kapena agwade ngati wamkuluyo wakhala pansi, bambo anyonyomale kapena aweramitse mutu. Mukapatsana moni wa pamanja, dzanja lamanzere ligwire mkono wamanja. Simukuyenera kumuyang'anitsitsa wamkulu m'maso, komanso musatembenukire kumbali ngati mukufuna pothawira. Kwa mnzanu wa msinkhu wanu, muyang'aneni ndi kumwetulira. Chimene ndimaletsa kwambiri atsikana ndi kuseka kwa manyazi kuja kophimba kukamwa ndi chitenje. Inu mumadziwa kuti ndi manyazi, koma wolankhulayo amaona ngati mukuseka mawu ake.

3. Onjezani chiganizo chimodzi choona, chonena za iwo

Zikomo yekha pa nkhani yaikulu amamveka wouma. Pakufunika chiganizo chimodzi chosonyeza kuti nkhaniyo inakukhudzani. Chiganizocho chiloze kwa iwo kapena kwa chimene chinapindulika, osati kwa kuvutika kwanu. Kwa alendo athu a ku Mwansambo munganene kuti: "Ine chimene chandisangalatsa n'choti mwana ali bwino. Tsiku lija munatuluka m'chipatala mtima wanga unakhala pansi." Kapena kwa mayi: "Inunso mlamu munalimba mtima, masabata atatu kugona pansi osadandaula."

Pali mayankho atatu amene amaoneka abwino koma amaononga. Loyamba ndi lija la "palibe kanthu" ndi abale ake, "zazing'ono zimenezo", "musavutike n'kuthokoza". Pa zinthu zazing'ono ndi abwino ndithu. Pa mwana amene anatsala pang'ono kutisiya, sayenera. Lachiwiri ndi kudzinyoza: akuti ndiwo zakoma, inu n'kuyamba, "Iii, mchere ndinachulutsa, nsombanso sizinali zabwino." Mukatero mwauza mlendo kuti sadziwa kulawa, ndiponso mwamukakamiza kuti abwereze kukuyamikirani kachiwiri ndi kachitatu. Anthu amazindikira msanga munthu amene amadzinyoza kuti amuyamikirenso. Lachitatu ndi kuwerengera mavuto: "Eee, zinali zovutadi, ufa unatithera, bambo kunyumba kuno ankadandaula." Zikhoza kukhala zoona, koma mwasandutsa kuthokoza kwawo kukhala ngongole.

4. Gawani ulemu, koma kwa amene anagwiradi ntchito

Mukalandira ndi pamene mungatchule ena. Dongosolo lake n'lofunika: kulandira poyamba, kugawa pambuyo. Mukayamba ndi "si ine ayi, ndi uje", mwakana. Mukayamba ndi "zikomo" kenaka "komanso mtsikana wangayu ndi amene ankanyamula chakudya m'mawa uliwonse asanapite kusukulu", mwalandira ndipo mwanena zoona. Muitaneni mwanayo abwere amve yekha. Ana amaphunzira kuthandiza akaona kuti thukuta lawo latchulidwa.

Tchulani munthu ndi ntchito yake. "Tinathandizana tonse" ndi mawu osagwira aliyense. Mukayamikiridwa paukwati kuti mpunga unapsa bwino, nenani amene anapeta ndi kusankha, amene anatunga madzi, anyamata amene anawaza nkhuni. Koma ngati munagwira nokha, musapeke okuthandizani pofuna kuoneka wofatsa. Nenani kuti, "Zikomo, ndinayesetsa, ndakondwa kuti mwakhuta."

Nanga za Mulungu? Kuno kwathu Mkhristu amati "tithokoze Ambuye", Msilamu amati "Alihamudulillah", ndipo onse akunena zoona, chifukwa mphamvu ndi ufa womwe tinagawawo sitinadzipatse tokha. Chimene ndimakana ndi kugwiritsa ntchito dzina la Mulungu ngati chitseko chotsekera munthu pakamwa: iye akulankhula, inu, "Ayi ayi, thokozani Mulungu, osati ine." Munthuyo Mulungu anamuthokoza kale kunyumba kwake ndi kutchalitchi kapena kumzikiti. Lero wabwera kwa inu. Nenani chonchi: "Zikomo achimwene, ndalandira. Tithokozenso Mulungu amene anatipatsa chogawana ndipo wamuchiritsa mwana."

5. Mphatso yochokera kwa munthu amene mukudziwa kuti alibe zambiri

Apa ndiye povuta, ndipo alangizi ambiri amapadumpha. Tambala uja ali pansi patsogolo panu. Inu mukudziwa kuti banja limeneli linagulitsa mbuzi nthawi ya matenda, ndipo mwina tambalayu ndi mmodzi mwa nkhuku zochepa zimene zatsala. Mtima ukukuuzani kuti mukane. Chifundo chimenecho n'chabwino, koma kukana n'kulakwa.

Taganizani chimene mphatsoyo ikutanthauza kwa iwo. Masabata atatu anali olandira okhaokha, ndipo munthu wamkulu sakondwa kukhala wongolandira. Tambalayu si malipiro, iwonso akudziwa kuti sangafanane ndi zimene munachita. Ndi njira yawo yoimirira pamaso panu ngati abale amene nawonso ali ndi chopatsa. Mukati, "Ayi, bwererani nazo, inu ndi amene mukuvutika," mwawakumbutsa umphawi wawo pakhomo panu, ana anu akumva. Adzanyamula tambala wawo ulendo wonse wobwerera ku Mwansambo, ndipo akafika anthu adzafunsa chifukwa chake wabwerera. Tsiku lina akadzakhalanso pamavuto adzachita manyazi kugogoda kwa inu.

Ndiye chitani izi. Landirani ndi manja awiri. Yang'anani mphatsoyo, muitchule dzina, muiyamikire moona: "Mtedza wokhwima bwino chonchi! Tisinjira ndiwo mwezi wathunthu." Itanani a m'nyumba adzaone ndi kuthokoza nawo. Musaikankhire kuseri kwa chitseko osaiyang'ana, ndipo musafunse mtengo wake kapena kunena kuti "mwadzivutitsiranji". Ngati mukufuna kusonyeza kuti mwaona kulemera kwake, mawu ake ndi awa: "Mwatilemekeza kwambiri."

Tsono nkhawa yanu ija ya kusowa kwawo ili ndi njira yake. Aphikireni adye asanapite. Pochoka, kathumba kamene kanabwera ndi mtedza kasabwerere kopanda kanthu: ikanimo usipa wouma pang'ono, paketi ya shuga, kapena sopo, zinthu zimene kumtunda kuja zimavuta kupeza kusiyana ndi kuno kunyanja. Muzipereke m'dzina la mwana: "Aka n'ka mwana wathu uja, akamwere tiyi." Koma samalani zinthu ziwiri. Chobwezacho chisapose mphatso yawo moonekeratu, chifukwa mukatero mwaiphimba. Ndipo musatulutse ndalama nthawi yomweyo mwalandira nkhuku, zimaoneka ngati mwagula. Ngati mukufuna kuthandiza pa thiransipoti, dikirani mpaka powaperekeza, mupatse mayi mwakachetechete, muti ndi yokwerera galimoto.

Pali malire amodzi. Ngati munthu akukuthokozani chifukwa cha ntchito imene munalembedwera, monga namwino, mphunzitsi, kapena wogwira ntchito mu ofesi ya boma, ndipo mphatsoyo ndi ndalama kapena yabwera nkhani yake isanathe, pamenepo kukana n'koyenera. Koma kanani mphatso yokha, mawu alandireni: "Zikomo kwambiri, mawu anu ndawalandira ndipo andipatsa mphamvu. Koma iyi ndi ntchito yanga, malamulo sandilola kulandira kanthu. Kagulireni mwana zipatso." Munthu amachoka osachita manyazi chifukwa mwamuuza chifukwa chenicheni.

6. Kuyamikira kumene kukuponda munthu wina

Uku kumachitika kwambiri m'mabanja. Apongozi akudya kondowole amene mwaphika, n'kunena pamaso pa onse kuti, "Uyu ndiye mkazi, osati winayu, nsima yake yamadzimadzi." Winayo ndi mkazi wa mlamu wanu, ali pomwepo akutsuka mbale. Mukangoti zikomo, mwavomereza kunyozedwa kwa mnzanu, ndipo adzakusungirani. Mukati, "Ayi amayi, si zoona," mwatsutsa apongozi pagulu.

Njira yake ndi kulandira mbali yanu yokha, mbali ya mnzanuyo n'kuikonza ndi chinthu choona. "Zikomo amayi, ndakondwa kuti mwadya bwino. Ndiwozi anakonza ndi amayi a mwanawa, ine chambo sindiphika ngati iwo." Simunakangane ndi wamkulu, simunakane kuti kondowole wakoma, ndipo mnzanu mwamubwezera nkhope. Koma chimene mwanenacho chikhale choona. Mukamunamizira luso limene alibe, iye mwini adzamva ngati mukumuseka.

N'chimodzimodzi pamsonkhano wa komiti ya sukulu kapena ya mpingo, wina akati, "Wapampando uyu ndiye wagwira ntchito, akale aja ankangodya ndalama." Musagwedezere mutu mawu achiwiriwo. Thokozani chifukwa cha oyambawo, mutchule chimodzi chimene munachipeza chitayambika kale, mupitirize nkhani ya msonkhano.

7. Akayamikira zokolola, bizinesi kapena ana

Ambiri kuno akauzidwa kuti, "Chaka chino mpunga mwapata," amayankha kuti, "Aaa, kuti? Tangotolako mbewu," pamene matumba a Kilombero adzaza chipinda. N'chimodzimodzi asodzi ngalawa ikabwera yodzaza. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: kuopa nsanje, kuopa opempha, ena kuopa kulodzedwa. Mantha amenewo sindiwapeputsa. Koma bodza silikutetezani, chifukwa anthu anaona ngolo zikututa, ndipo mawa adzati ndinu wobisa ndi woumira. Yankho labwino ndi kuvomera popanda kuwerenga: "Zikomo, chaka chino mvula inatikomera, tapezako chakudya." Chiwerengero cha matumba kapena ndalama zimene mwagulitsa n'za m'nyumba mwanu, ndipo palibe amene angakunenereni kuti ndinu wamwano chifukwa simunazitchule.

Akayamikira mwana wanu kuti wakhoza mayeso kapena ndi waulemu, musamunyoze pofuna kudzichepetsa. "Ameneyu? Ndi waulesi kwabasi, wangochita mwayi." Mwana ali pomwepo akumva, ndipo mawu a mayi ake amalemera kuposa a mlendo. Nenani kuti, "Zikomo, analimbikiradi, aphunzitsi akenso anamuthandiza," kenaka mwanayo athokoze yekha.

Pamaliro mawu amakhala ochepa. Anamfedwa akakuthokozani chifukwa cha ufa, nkhuni kapena kugona nawo pasiwa, musamwetulire kwambiri kapena kufotokoza zimene munachita. Wombani m'manja, munene motsitsa mawu kuti, "Zikomo, pepani, maliro n'kulirana."

8. Akati "musatope, ndi mawa lomwe"

Mawu amenewa amatsekera kuthokoza kwambiri kuno kwathu. Tanthauzo lake n'loti ubale upitirire, mtima umene mwaonetsawo musausinthe. Si pempho lenileni, ndipo simukuyenera kulonjeza kanthu. Anthu ena, chifukwa cha kutenthedwa ndi mawu okoma, amayankha kuti, "Chilichonse mungafune muzingobwera, ngakhale fizi ya mwanayu tidzaona." Pakapita miyezi itatu fizi ija ikufunikadi, iwo alibe, ayamba kuzemba foni. Yankho lokwanira ndi lakuti, "Zikomo, ndife amodzi, tizionana," kapena "Pakhomo pano ndi panu." Lonjezani chokhacho chimene mwaganizira kale kuti mungathe.

9. Lekerani pomwepo

Kuyankha konse kusapitirire ziganizo zitatu kapena zinayi. Mukamaliza, tembenuzirani nkhani kwa iwo: mwana akudya bwino? Wayambiranso sukulu? Kumunda zinayenda bwanji? Akabwerezanso kuthokoza pochoka, ndipo adzabwereza ndithu, simukuyenera kuyambiranso zonse. "Zikomo, muyende bwino, mukapereke moni kunyumba" n'zokwanira. Aperekezeni mpaka pamsewu.

Akapita, nkhaniyo isakhale yokamba pachitsime. Mukhoza kuyankha bwino kwambiri pamaso pawo, koma mukayamba kuuza aliyense kuti "anabwera ndi tambala kudzandigwadira", mawuwo adzawapeza, ndipo zonse zija zafufutika.

Pafoni malamulo ndi omwewa, kungoti ndi mwachidule. Munthu akakulemberani uthenga wautali wothokoza pa WhatsApp, musamuyankhe ndi kachithunzi ka chala chokha. Lembani ziganizo ziwiri, ndipo ngati ndi wamkulu kwa inu, muimbireni. Akakuyamikirani pagulu la mpingo kapena la banja, yankhani kamodzi pagulupo, mutchule amene munagwira nawo ntchito, osayankha aliyense payekhapayekha mpaka gulu lonse lidzaze ndi dzina lanu.

Nanga ngati zachitika kale, munachita manyazi, munakana mphatso kapena munadula munthu pakamwa? Zimakonzeka, bola musachedwe. Pitani kwawo mawa lake, kapena imbani ngati ndi kutali, munene mosazungulira: "Achimwene, dzulo mawu anandithawa, sindinakuyankheni bwino. Kubwera kwanu kunandikhudza kwambiri, ndipo ndathokoza." Ngati munabweza nkhuku, musaitanitse. Dikirani tsiku limene mudzawayendere, ndipo chilichonse chimene adzakuikireni patsogolo, kaya ndi mbatata yophika kaya ndi mtedza wokazinga, mudye ndithu, ndipo chimene adzakupatsireni chonyamula munyamule.